Kudziwa Nthawi Imene Ng'ombe ya Mkaka Ikufuna Nkhunzi ndi Ola Loipatsa Umuna

Mlimi wa ng'ombe za mkaka, makamaka uyo amene asunga ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola nazidulira nsenjere monga achitira anthu ambiri ku Thyolo ndi ku Chiradzulu, wasenza ntchito imene kale inali ya nkhunzi. Pakuti kubusa nkhunzi idziwa yokha ng'ombe imene yafika nthawi yake, koma m'khola lopanda nkhunzi maso a mwini ndiwo alowa m'malo mwake, ndipo akaphonya tsiku, wataya masabata atatu a zakudya ndi thukuta.

Yambani ndi kalendala. Ng'ombe yathanzi imene ilibe bere imafuna nkhunzi pakapita masiku 21 aliwonse, ngakhale zina zimafulumira pa masiku 18 ndipo zina zimachedwa kufikira masiku 24. Chomwecho lembani tsiku limene ng'ombe yaswa, ndi tsiku lililonse limene yaonetsa zizindikiro, ngakhale musanaganize zoitana wopereka umuna, popeza tsiku lolembedwa ndilo lidzakuuzani sabata yoyenera kudikira. Ng'ombe yoswa kumene muipumitse masiku 45 kufikira 60, kuti chiberekero chiyere ndi kubwerera m'malo mwake.

Pakufika sabatayo, patulani nthawi yoyang'ana ng'ombe katatu patsiku, mbandakucha musanakame, masana, ndi madzulo dzuwa litapepa, ndipo nthawi iliyonse mukhalepo mphindi 20 kapena 30. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo indetu munthu wongosuzumira m'khola ali ndi chidebe m'manja sadzaona kanthu, chifukwa ng'ombe ikamadya kapena kukamidwa mtima wake uli pa zina. Ng'ombe zambiri zimaonetsa zizindikiro usiku ndi m'mawa kukazizira. M'mwezi wa Okutobala, dziko litatentha, zina zimangoonetsa kwa maola owerengeka, kotero kuti amene adzuka dzuwa litakwera apeza zonse zitatha.

Zizindikiro zoyamba ndi za kusakhazikika. Ng'ombe imalira kawirikawiri, imazungulira m'khola, imasiya zakudya m'chodyeramo, mkaka wake umatsika, imanunkhiza zinzake ndi kuyesa kuzikwera. Mukaima kumbuyo kwake mudzaona kumaliseche kutatupa, makwinya ake atafafanizika, m'kati muli mofiira ndi monyowa; ndipo pamatuluka chikazi chonanda, choonekera ngati choyera cha dzira losaphika, chimene chimalendewera osaduka, kapena mumachipeza chitaumira pamchira ndi pantchafu. Izi zonse zikuuzani kuti nthawi yayandikira, koma sindizo zowerengera maola. Chikazi chikakhala chachikasu, chamafinya kapena chonunkha, pamenepo ndi matenda a chiberekero, ndipo wofunika ndi dokotala wa ziweto, osati umuna.

Chizindikiro chimene sichinama ndi chimodzi: ng'ombe kuima nji pamene inzake yaikwera, osathawa, osagwedeza thupi kuti iigwetse. Pano alimi ambiri amasokonezeka, naitanira wopereka umuna ng'ombe imene yakwera, pamene yofuna nkhunzi ndi imene yakweredwa ndi kuima. Yokwerayo mwina ikungoyandikira nthawi yake, mwina ilibe kanthu konse. Ngati zinakwerana usiku inu muli m'tulo, umboni mudzaupeza m'mawa: ubweya wa patsinde pa mchira utatibuka kapena kusupuka, ndi matope a ziboda m'nthiti. Amene ali ndi ng'ombe imodzi yokha aitulutse pabwalo pamodzi ndi msoti kapena thole lokulirapo, kapena aike dzanja pamsana pake cha kumchira napanikize. Ng'ombe imene ili m'nthawi yake kawirikawiri imaima duu ndi kutukula mchira. Pansi pa simenti yoterera ng'ombe ziopa kukwerana, motero bwalo likhale la dothi louma.

Tsono chifukwa chake sitithamangira kupereka umuna pa ola lomwelo ndi ichi. Kuima kuja kumatenga maola 12 kufikira 18, mwa ng'ombe zina ochepera pamenepo, ndipo dzira silituluka ng'ombe ikali kuima, koma patapita maola 10 kufikira 14 italeka. Dziralo likatuluka silikhala moyo nthawi yaitali, theka la tsiku silikwana bwino. Umuna nawo, utasungunulidwa kuchokera m'botolo lake lozizira, ufuna maola ngati 6 m'thupi la ng'ombe kuti ukhwime, ndipo mphamvu yake imatha pakapita pafupifupi tsiku limodzi. Mukafulumira kwambiri, dzira lidzapeza umuna utafooka. Mukachedwa, umuna udzapeza dzira litakalamba. Nchifukwa chake alangizi amaphunzitsa lamulo losavuta: ng'ombe imene yaoneka ikuima m'mawa ipatsidwe umuna madzulo a tsiku lomwelo, ndipo imene yaoneka madzulo ipatsidwe m'mawa mwake.

Lamuloli lili ndi malire ake, ndipo ndifuna muwamvetse. Limagwira pamene mwaona chiyambi cha kuimako. Ngati simunayang'ane dzulo madzulo, ndipo m'mawa mwapeza mchira wosupuka kale, simudziwa kuti inayamba liti. Ndipo ngati wopereka umuna akhala kutali, nadzera kwanu kamodzi kokha patsiku pa njinga yake, nkwabwino kupereka msanga koposa kudikira mawa, popeza umuna ukhoza kudikira dzira koma dzira silidikira umuna. Uthenga utumizeni pa ola limene mwaona chizindikiro, ndipo munene nthawi yake yeniyeni.

Titenge ng'ombe imene inaswa pa 2 Malichi. Pa 20 Epulo ilira ndi kutulutsa chikazi, koma mwini, poona kuti ikali yowonda, angolemba tsikulo. Awerenga masiku 18 kufikira 24, napeza kuti ayenera kudikira kuyambira pa 8 kufikira pa 14 Meyi. Pa 10 Meyi madzulo mkaka watsika ndipo ng'ombe ikunyaza madeya, koma msoti ukaikwera ithawa, nthawi siinakwane. Pa 11 Meyi cha m'ma 5 koloko m'mawa iima nji. Mwini atumiza uthenga pomwepo, ndipo umuna uperekedwa cha m'ma 5 koloko madzulo, ng'ombe ili pamthunzi, yosathamangitsidwa ndi yosamenyedwa.

Pa 13 Meyi aona timagazi pamchira. Ena amati magaziwo asonyeza kuti bere lalowa, ena amati lalephereka, koma onse alakwa: magazi amenewa amatuluka tsiku limodzi kufikira atatu nthawi itatha, ndipo angochitira umboni kuti ng'ombe inalidi m'nthawi yake. Amene waona magazi asanapereke umuna adziwe kuti madzi akatayika saoleka. Asataye ndalama, koma alembe tsikulo nayambe kudikira pakapita masiku 16 kapena 17.

Mwini uja adikiranso kuyambira pa 29 Meyi kufikira pa 4 Juni. Ng'ombe ikakhala chete, chiyembekezo chilipo, koma chitsimikizo chichokera kwa dokotala wa ziweto, amene aipime patapita miyezi iwiri, m'Julayi. Bere likapezeka, thole liyembekezeke pakati pa Febuluwale, pakuti ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 280. Koma ng'ombe imene yapatsidwa umuna katatu pa nthawi yoyenera nibwererabe, kapena imene ifuna nkhunzi masiku owerengeka aliwonse, kapena imene yatha miyezi itatu chiswereni osaonetsa kanthu, musaiwonjezere umuna wina. Itanani dokotala aipime, ndipo muyang'anenso zakudya zake, chifukwa ng'ombe yowonda imachedwa kubwerera m'nthawi yake.