KULOWA M'KOMPYUTA YA MLENDO KUDZERA PA KHOMO 2222

Amene mwayamba kuphunzira Linux mukudziwa kale kuti sipafunika kugula kompyuta yachiwiri. Pulogalamu ya VirtualBox imapanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Yeniyeniyo tidziitcha mwininyumba, pamene yongoyerekezayo tidziitcha mlendo, pakuti ndi momwe opanga pulogalamuyi amazitchulira. M'phunziro lino mwininyumba ali ndi Windows, ndipo mlendo ali ndi Linux ya mtundu wa Debian.

Tsono kugwira ntchito pa kazenera kakang'ono ka mlendo kumatopetsa. Kukopera malamulo kuchokera kwa mwininyumba kumavuta, kusamutsa mafailo kumavutanso. N'chifukwa chake anthu amakonda kulowa mwa mlendo ndi SSH, njira yolamulira kompyuta ina polemba malamulo, imene imabisa zonse zodutsamo kuti wina asaziwerenge panjira. Anaiyambitsa ndi Tatu Ylönen wa ku Finland m'chaka cha 1995. Koma wophunzira akayesa koyamba, kawirikawiri salowa. Kodi vuto limakhala pati?

Mukangopanga mlendo watsopano, VirtualBox amamulumikiza ku netiweki mwa njira yolembedwa NAT. Mwa njira imeneyi mlendo amalandira adilesi 10.0.2.15, ndipo zonse zotuluka zimadzera pa 10.0.2.2, pamene pamaima VirtualBox mwini. Mlendo akafuna chinthu pa intaneti, VirtualBox amachipempha m'dzina la mwininyumba n'kumupatsira yankho. Kutuluka kulibe vuto. Kulowa ndiye nkhani ina, chifukwa adilesi 10.0.2.15 ili m'kanetiweki kobisika kamene ngakhale mwininyumba sakaona. Mukalemba `ssh 10.0.2.15` pa Windows, uthengawo ulunjika kunja kukafuna kompyuta imene kulibe. Zili ngati mlendo wogona kuchipinda cham'kati: iye atha kutuma mwana kukagula zinthu kugolosale, koma wobwera pabwalo sangamupeze pokhapokha mwininyumba atamulozera.

Kuti timvetse kulozerako tiyenera kudziwa za makomo. Adilesi imatchula kompyuta, koma m'kompyuta imodzi muli mapulogalamu ambiri odikira uthenga, ndipo iliyonse imadikira pa nambala yakeyake. Nambala imeneyi ndiyo khomo, ena amati poti, ndipo manambalawa amalekezera pa 65535. Pulogalamu yolandira SSH imadikira pa khomo 22. Chofunika kugwiritsa apa n'chakuti mwininyumba ali ndi makomo ake, mlendonso ali ndi ake. Khomo 22 la Windows si khomo 22 la Debian ai, ngakhale onse ali m'bokosi limodzi.

Ntchito yathu tsono ndi kuuza VirtualBox kuti adikire pa khomo limodzi la mwininyumba, ndipo chilichonse chofika pamenepo achipititse pa khomo 22 la mlendo. Ife tisankha 2222. Nambalayi ilibe mphamvu yapadera, ingokhala yosavuta kukumbukira. Chachikulu n'chakuti isakhale yogwidwa kale ndi pulogalamu ina, ndiponso isachepere 1024, popeza mwininyumba akakhala wa Linux, makomo ochepera pamenepo amatsegulidwa ndi woyang'anira kompyuta yekha.

Tisanafike kwa VirtualBox, tiyambe taona ngati pa khomo 22 la mlendo pali wodikira. Ambiri amalumpha apa, n'kutaya madzulo onse akukonza malo olakwika. Pa kazenera ka mlendo lembani izi:

```
su -
apt install openssh-server
ss -tln
```

Lamulo loyamba likusandutsani woyang'anira mukapereka mau achinsinsi a `root`. Ngati poika Debian simunapereke mau amenewa, m'malo mwake yambani lamulo lachiwiri ndi `sudo`. Lachiwirilo liika pulogalamu yolandira SSH n'kuiyambitsa pompo. Lachitatu lionetsa makomo amene ali ndi wodikira. Funani mzere wokhala ndi `LISTEN` pamodzi ndi `0.0.0.0:22`. Mukauona, mbali ya mlendo yatha.

Tsopano bwerani kwa mwininyumba. Pa VirtualBox sankhani mlendo wanu, tsegulani Settings, kenaka Network. Onetsetsani kuti pa Attached to palembedwa NAT, ndipo dinani batani la Port Forwarding. Likapanda kuoneka, tsegulani Advanced, kapena Expert ngati VirtualBox wanu ndi watsopano. Onjezani mzere umodzi. Pa Name lembani `ssh`, pa Protocol siyani TCP, pa Host IP lembani `127.0.0.1`, pa Host Port `2222`, pa Guest Port `22`. Malo a Guest IP asiyeni opanda kanthu, chifukwa VirtualBox ndiye anapereka adilesiyo ndipo akuidziwa. Sipafunika kuzimitsa mlendo, mzerewu umayamba kugwira ntchito mukangovomereza.

Okonda kulemba angachite zomwezi ndi lamulo limodzi mlendo ali woyaka, ngati dzina lake pa VirtualBox ndi Debian:

```
VBoxManage controlvm "Debian" natpf1 "ssh,tcp,127.0.0.1,2222,,22"
```

Taonani makoma awiri ogundizana pakati pa 2222 ndi 22. Si kuphonya kwa wotaipa, ndi malo a Guest IP aja amene tawasiya opanda kanthu. Mukachotsa koma imodzi, VirtualBox akana lamulolo.

Tiime pang'ono pa 127.0.0.1, pakuti malo amenewa ambiri amawasiya opanda kanthu poona kuti zinthu zikuyendabe. Adilesi imeneyi kompyuta iliyonse imaigwiritsa ntchito podzitchula yokha, ngati munthu akamati "ine". Mukailemba pa Host IP, khomo 2222 limatsegukira okhawo amene akhala pa kompyuta yomweyo. Mukapasiya popanda kanthu, VirtualBox amadikira mbali zonse, kotero kuti aliyense wa pa netiweki ya sukulu amene akudziwa adilesi ya kompyuta yanu angathe kugogoda kwa mlendo wanu, ngati chitetezo cha Windows sichimuletsa. Pajatu mau achinsinsi amene timaika pa makompyuta ophunzirira amakhala afupi, ena amangolemba dzina lao lomwe. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru kulemba 127.0.0.1 nthawi zonse, n'kuichotsa tsiku lokhalo limene mukufunadi kuti mnzanu alowe kuchokera pa kompyuta yake.

Nthawi yolowa yakwana. Windows 10 ndi 11 zimabwera ndi pulogalamu ya `ssh`, choncho tsegulani PowerShell mulembe motere, poyerekeza kuti dzina lanu mwa mlendo ndi `wophunzira`:

```
ssh -p 2222 wophunzira@127.0.0.1
```

Werengani lamuloli mofatsa. Adilesi ndi ya mwininyumba, khomo ndi la mwininyumba, koma dzina ndi mau achinsinsi ndi za mlendo. Ulendo woyamba mufunsidwa ngati mukukhulupirira chidindo cha kompyutayo, muyankhe `yes`. Polemba mau achinsinsi simuona chilichonse, ngakhale timadontho, koma akulembeka. Mukalowa lembani `who`. Mudzaona kuti Debian akuti mwachokera ku 10.0.2.2, umboni wakuti amene wakulowetsani ndi VirtualBox.

Nanga zikakanika? Apa ndi pamene pali phunziro lenileni, chifukwa uthenga wanu umadutsa malo atatu: khomo 2222 la mwininyumba, khomo 22 la mlendo, ndi pofunsidwa dzina. Mau amene `ssh` akubwezerani amaulula pamene uthengawo waima.

Mukaona `Connection refused`, uthenga sunafike n'komwe kwa mlendo. Pa khomo la mwininyumba palibe wodikira. Mwina mlendo ndi wozima, pakuti VirtualBox amadikira pa 2222 pokhapokha mlendo ali woyaka, mwina mzere uja sunasungidwe, mwinanso manambala munawasinthanitsa, 22 pa Host Port ndi 2222 pa Guest Port. Mauwo amatchulanso khomo limene mwagogodapo. Akanena `port 22`, ndiye kuti mwaiwala `-p 2222` ndipo mukugogoda pa khomo 22 la Windows, pamene palibe aliyense. Mwininyumba akakhala wa Linux, ali ndi SSH yakeyake, kuiwala kumeneku kumasokoneza koposa: mufunsidwa mau achinsinsi bwinobwino koma akanidwa, chifukwa wofunsayo ndi mwininyumba, amene dzina la `wophunzira` salidziwa.

Mau ena amayamba ndi `kex_exchange_identification` n'kunena `Connection reset` kapena `Connection closed by remote host`. Awa amaopsa pamaso, komatu akukuuzani kuti theka la ntchito lili bwino. VirtualBox wakulandirani pa 2222, wapita kukagogoda pa 22 kwa mlendo, sanapeze woyankha, ndiye wadula. Musakhudzenso mzere wa VirtualBox. Pitani pa kazenera ka mlendo mulembe `ss -tln` kachiwiri. Khomo 22 likasowa, yambitsani pulogalamuyo ndi `systemctl start ssh`. Zomwezi zimachitika mukafulumira kulowa Debian asanamalize kuyaka, ndiye dikirani pang'ono muyesenso. Khomo likamaoneka koma kulowa kukukanikabe, kapena `ssh` angokhala duu osayankha, ganizirani za mpanda wachitetezo wa mlendo. Amene anayatsa `ufw` atsegule njira ndi `ufw allow 22/tcp`. Nambala yake ndi 22, osati 2222, chifukwa mlendo sadziwa kanthu za 2222.

`Permission denied` amatanthauza kuti njira yonse ili bwino, mwafika, koma dzina kapena mau achinsinsi zakanidwa. Mukasiya kulemba `wophunzira@`, `ssh` amatumiza dzina lanu la pa Windows. Linux amasiyanitsanso zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Ndipo musavutike kuyesa `root`: Debian salola `root` kulowa pa SSH ndi mau achinsinsi, ngakhale akhale olondola. Lowani ndi dzina lanu, kenaka mulembe `su -` muli m'kati.

Pali chenjezo lina limene limabwera patapita masiku, mutafufuta mlendo n'kupanga wina pa khomo lomwelo. Limalembedwa m'zilembo zazikulu kuti `REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED`. Chidindo chija munavomereza tsiku loyamba chinasungidwa, ndipo mlendo watsopano ali ndi chidindo china. Mukanakhala kuti mukulowa m'kompyuta yakutali, chenjezoli likanayenera kukuimitsani, chifukwa mwina wina akudzinamiza kukhala kompyutayo. Koma ngati mwasintha mlendo ndinu nomwe, fufutani chidindo chakale:

```
ssh-keygen -R "[127.0.0.1]:2222"
```

Nkhani ya alendo awiri imatsatira pomwepa. Onse awiri adzakhala ndi adilesi 10.0.2.15 popanda kulimbana, chifukwa aliyense ali ndi kanetiweki kakekake. Onse adzadikira pa 22. Chimene sangagawane ndi khomo la mwininyumba, choncho wachiwiri mupatseni 2223.

Khomo lomweli limanyamulanso mafailo. Kuti mutumize failo ya `ntchito.txt` kwa mlendo, lembani izi pa PowerShell:

```
scp -P 2222 ntchito.txt wophunzira@127.0.0.1:
```

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Pa `scp` chilembo chotchulira khomo ndi `-P` wamkulu, pamene pa `ssh` ndi `-p` wamng'ono. Madontho awiri akumapeto musawasiye, chifukwa popanda iwo `scp` sadandaula kanthu, amangokopera failoyo pa Windows pomwepo n'kuipatsa dzina lakuti `wophunzira@127.0.0.1`.