Foni yafiliza: tiwerengere malo amene PDF imadya mu RAM

Mwana wa achemwali anga ali Folomu 4. Loweruka lina anabwera kunyumba atakwiya, akuti foni yake ndi yosatheka. Mnzake anamutumizira mafunso akale a Fizikisi a MSCE pa WhatsApp, masamba 12 ojambula ndi kamera n'kuwaika mu PDF imodzi. Akatsegula, tsamba loyamba limaoneka bwinobwino. Akangotsitsa mwachangu kufuna tsamba lachisanu ndi chiwiri, zonse zimauma. Adine apa, adine apo, zii. Kenako pamabwera uthenga woti apuyo "isn't responding", pansi pake pali Close app ndi Wait. Mayeso anali atatsala milungu itatu, ndipo ndalama yokasindikiza mapepalawo analibe.

"Malume, foni iyi ili ndi 32 GB," anatero. "Fayilo yake ndi 24 MB basi. Ikukanika bwanji?"

Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake lili pa nambala ina imene iye sanaitchule. Pabokosi la foniyo panalembedwa 32 GB + 2 GB.

Nambala ziwirizi ndi za zinthu zosiyana, ngakhale tonse timangoti memole. Ya 32 GB ija ndi nkhokwe. Ndi mmene mumakhala zithunzi, nyimbo, mavidiyo ndi maapu onse, foni ikhale yoyaka kapena yozima. Ya 2 GB ija ndi RAM, ndipo imeneyi ndi lichero. Amayi sapetera chimanga m'nkhokwe. Amatapa pang'ono, n'kuika pa lichero, n'kupeta. Purosesa ya foni nayonso imagwira ntchito ndi zokhazo zimene zatapidwa n'kuikidwa mu RAM. Nkhokwe ikule bwanji, lichero likakhala laling'ono ntchito imayendera kukula kwa licherolo. N'chifukwa chake kugula memole khadi ya 64 GB sikuchiza kufiliza kwa mtundu uwu. Mwangomanga nkhokwe yachiwiri.

Komanso 2 GB ija si yanu yonse. Android yeniyeniyo imatenga gawo lalikulu foni ikangoyaka, pamodzi ndi kiyibodi, zoyang'anira netiweki ndi tina timene timayenda mobisika. Mutha kudzionera nokha. Lowani mu Settings, kenako About phone, mudine Build number kasanu ndi kawiri. Patuluka Developer options, ndipo m'menemo muli Memory kapena Running services, malinga ndi foni. Muzingoona, musasinthe zimene simukuzidziwa. Titaona pa foni ya mphwangayo, malo otsala anali pafupifupi 350 MB, WhatsApp, Facebook, Chrome ndi nyimbo zonse zili zotsegula.

Mwina mukuti 350 MB ndi yambiri poyerekeza ndi fayilo ya 24 MB. Apa ndiye pali nkhani, tengani cholembera.

Chithunzi chikakhala m'nkhokwe chimakhala chopanikizidwa, ngati bulangete lopindidwa n'kulikanikizira m'chikwama. Mtundu wa JPEG umachita zimenezo, n'chifukwa chake tsamba lililonse linali pafupifupi 2 MB. Koma kuti chioneke pa sikirini, foni iyenera kuchitambasula kadontho ndi kadontho. Timadontho timeneti ndi mapikiselo, ndipo nthawi zambiri kamodzi kamafuna mabaiti 4: imodzi ya kufiira, imodzi ya kubiriwira, imodzi ya buluu, ina yonena ngati kadonthoko kakuonekera mkati. Mnzake uja anajambula ndi kamera ya mamegapikiselo 8, imene chithunzi chake chimakhala 3264 m'litali ndi 2448 m'lifupi.

```
3264 × 2448 = 7,990,272
7,990,272 × 4 = 31,961,088
```

Mabaiti 31,961,088 ndi pafupifupi 32 MB. Tsamba limodzi la 2 MB lafufuma kuwirikiza ka 16. Masamba onse 12 atatambasulidwa nthawi imodzi angafune 384 MB, kuposa malo amene anatsala aja.

Kunena chilungamo, apu yolembedwa bwino sichita uchitsiru wotambasula onse nthawi imodzi. Imasunga tsamba limene mukuona ndi oyandikana nalo, ndipo imawachepetsa kuti angokwana sikirini. Sikirini ya 720 × 1600 imangofuna 4.6 MB, werengerani nokha muone. Koma mukamatsitsa mothamanga, apu imayamba kutambasula masamba angapo motsatizana isanataye akale. Mukakulitsa ndi zala kuti muwerenge manambala a pa girafu, imabwerera ku chithunzi chachikulu chija. Ndiye si apu iliyonse yaulere imene inalembedwa mosamala, ndipo zina zimakhala zikukokanso mavidiyo otsatsa malonda pansi pa tsamba. Ya mphwangayo inali yotero.

Nanga RAM ikadzadza chimachitika n'chiyani? Android siyamba ndi kugonja. Poyamba imapanikiza zinthu zimene sizikugwiritsidwa ntchito pakali pano n'kuziunjika pa kagawo ka RAM yomweyo kotchedwa zRAM. Imatayanso zidutswa za maapu zimene ikudziwa kuti ingakazitapenso m'nkhokwe. Zonsezi ndi ntchito ya purosesa, ndipo purosesa ya foni yotchipa ndi yofooka kale. Vuto limakula pamene chimene yangotaya kumene chikufunikanso pompopompo. Imakachitapa, potero n'kutaya china, chinacho n'kufunikanso. Nkhokwe ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM, ndiye foni imatha nthawi yake ili pa ulendo wopita ndi kubwera, kupeta kutaima.

Inu mumaziona chonchi. Sikirini ya mafoni ambiri otchipa imajambulidwanso ka 60 pa sekondi. Gawani 1000 ndi 60, mupeza kuti apu ili ndi mamilisekondi pafupifupi 16.7 okonzera chithunzi chotsatira. Ikachedwa pang'ono, mumaona kudukizadukiza. Ikadikira masekondi awiri, zithunzi 120 zadutsa osajambulidwa, ndipo ndi pamene timati yafiliza. Mukadina, apu n'kutha masekondi 5 osayankha, Android imatulutsa uthenga uja wa Close app ndi Wait. Foni siinafe ayi, yatanganidwa. Kudinadina mwaukali kumangowonjezera ntchito pamzere.

Zikafika poipa, Android imayamba kupha maapu, kuyambira amene ali kumbuyo amene mwatenga nthawi osawatsegula. Ichi ndiye chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kuposa zonse. Mukachoka pa PDF kukayankha uthenga, pobwerera n'kupeza yayambiranso tsamba loyamba, kapena nyimbo yazima yokha, kapena kiyibodi ikutenga nthawi kuti ituluke, dziwani kuti ndi RAM. Zikakhala kuti kachizungulire kakungozungulira koma mukutha kutsitsa ndi kudina zina, imeneyo ndi netiweki kapena bandulo yatha. Foni ikamachedwa pokhapokha yatentha, monga ili pa chaja kapena padzuwa, ndiye kuti purosesa yadzichepetsera liwiro dala kuti isapse. Ichotseni m'chikuto chake ipume. Matenda atatu, mankhwalanso atatu, ndipo anthu ambiri amamwetsa foni mankhwala olakwika.

Ife tinayamba ndi kuizimitsa n'kuiyatsanso. RAM imasunga zinthu pokhapokha magetsi akuyenda, ndiye kuzimitsa kumakhuthula lichero lonse. Iye anali asanaizimitse kwa milungu ingapo. Kenako tinachotsa maapu awiri "oyeretsa foni", aja a kachithunzi ka tsache ndi roketi. Amenewa ndimadana nawo. Amakhala mu RAM nthawi zonse, akudya malo omwewo amene akuti akukupulumutsirani, ndipo maapu amene awatseka ambiri amadzukanso pakangopita kanthawi, kudzukako n'kudyanso batire ndi purosesa. Tinachotsa Facebook yaikulu n'kuika Facebook Lite. Mu Chrome munali matabu oposa makumi awiri, tinawatseka. Titabwerera ku Running services, malo otsala anali atapitirira 700 MB.

Apo PDF ija inayamba kutseguka, koma tinaichepetseranso katundu. Tinasiya apu ya zotsatsa ija n'kuitsegula ndi chowerengera cha Google Drive chimene chinabwera kale ndi foni. Ndinamuuza kuti akamawerenga azizimitsa data, nyimbo aiiwale kaye, ndipo azitsitsa tsamba limodzi n'kudikira lioneke bwino. Masamba anayi a mafunso a magetsi amene ankawabwereza kawirikawiri anawajambula sikiriniishoti. Sikiriniishoti wamba siikula kuposa sikirini, choncho iliyonse ndi 4.6 MB ija m'malo mwa 32 MB. Kuipa kwake n'kwakuti mukaikulitsa timalemba ting'onoting'ono timafufutika, ndiye kulitsani kaye gawo limene mukufuna musanajambule.

Nkhokwe nayo ili ndi mbali yake, ngakhale si imene inali gwero. Ikadzadza mpaka pakamwa, kulembamo kumachedwa, ndipo maapu amasowa poika timafayilo tawo tosakhalitsa. Ya mphwangayo inadzadza ndi mavidiyo a m'magulupu amene sanawaonepo n'komwe. Mu WhatsApp, pitani ku Settings, Storage and data, ndipo pa Media auto-download muchotse mavidiyo ndi zithunzi kuti zisamadzitsitse zokha. Pomwepo pali Manage storage pamene mungafufute zikuluzikulu. Ine ndimakonda kusiya 2 GB kapena 3 GB yopanda kanthu. Chenjerani ndi mabatani awiri oyandikana amene ali pansi pa apu iliyonse mu Settings. Clear cache imangotaya zosakhalitsa. Clear data, kapena Clear storage, imabweza apu ngati yatsopano, ndipo pa WhatsApp mutha kutaya mauthenga onse ngati mulibe bakapu.

Pali chinanso chimene mudzachione m'mashopu mukamagula foni: bokosi lolembedwa 2 GB + 2 GB RAM, kapena mawu onena kuti RAM ndi yowonjezereka. Yachiwiriyo si RAM yeniyeni. Ndi kagawo ka nkhokwe kamene abwereka kuti aziikapo maapu ogona. Kamathandiza kuti apu ya kumbuyo isaphedwe msanga, koma liwiro lake ndi la nkhokwe lomwelo. Funsani wogulitsa nambala yoyamba yokha, ndipo ngati n'kotheka muione nokha mu About phone musanapereke ndalama.

Foni ya 2 GB ikhalabe ya 2 GB. Magemu akuluakulu aziivutabe, ndipo mphwangayo akayesa kutsegula PDF, Chrome ndi vidiyo nthawi imodzi imaumabe. Koma masamba 12 aja anawamaliza sabata yomweyo. Funso limene linamuvuta linali la maresisita atatu olumikizidwa mbalimbali, ndipo pamenepo foni inalibe mlandu: anaiwala kutembenuza yankho la 1/R.