Asilamu amalemekeza Yesu, nanga amakaniranji umulungu wake?

Funso: Ndimamva kuti Asilamu amavomereza zoti Yesu anabadwa mwa namwali. Nanga amakaniranji kuti ndi Mulungu? Si kudzitsutsa kumeneku? Wowerenga, Mangochi.

Yankho: Sakudzitsutsa ayi, chifukwa kwa Msilamu chozizwitsa chimaonetsa mphamvu za Mulungu, osati umulungu wa munthu amene chachitikira mwa iye. Korani imamutchula Yesu kuti Isa mwana wa Mariamu, imamupatsa dzina la Mesiya, ndipo sura 19 imalongosola kubadwa kwake kopanda bambo. Koma sura 3, ndime 59, imamuyerekeza ndi Adamu. Mfundo yake ndi yakuti Adamu analibe bambo ngakhale mayi, komabe palibe amamupembedza. N'chimodzimodzi kuchiritsa akhungu ndi akhate kapena kuukitsa akufa: sura 5, ndime 110, imabwerezabwereza kuti zonsezi zinachitika mwa chilolezo cha Mulungu, ndipo wolandira chilolezo ndi mtumiki.

Mkhristu angatsutse kuti sura 4, ndime 171, imamutchanso Mawu a Mulungu, monga chiyambi cha Uthenga wa Yohane. Funsoli ndi lolemera ndithu. Akatswiri achisilamu amayankha kuti mawuwo ndi lamulo limene Mulungu anamulengera m'mimba mwa Mariamu, choncho Isa ndi cholengedwa, ndipo ndime yomweyo imaletsa chiphunzitso cha Utatu. Mkhristu sangakhutire nazo, poti Yohane amaphunzitsa kuti Mawuwo analipo chilengedwe chisanayambe. Apa ndiye pagona kusiyana kwenikweni. Kwa Msilamu, kuphatikiza Mulungu ndi wina aliyense ndi shiriki, tchimo loposa onse, pomwenso kukana uneneri wa Isa kumamuchotsa munthu m'Chisilamu.