Mmene Mungapemphere Kuti Akudikireni Pamene Setifiketi Kapena Kalata ya ku Polisi Yachedwa

Mwezi uno tifuna kukamba ndi inu anyamata ndi atsikana amene mufunsira ntchito kapena malo a sukulu, ndiponso ndi inu aphunzitsi amene mumawathandiza kulemba makalata. Kawirikawiri olemba ntchito amanena tsiku lotsekera kulandira makalata, naitanitsa setifiketi ya mayeso pamodzi ndi kalata ya ku Polisi yosonyeza kuti munthu sanapezekepo ndi mlandu. Tsono mapepala awiri amenewa sali m'manja mwanu, ndipo nthawi zina tsiku limafika iwo asanatuluke. Kodi pamenepo munthu achite chiyani?

Tiyerekeze mnyamata wina wa ku Njuli, m'boma la Chiradzulu. Wapambana mayeso a MSCE, ndipo waona kuti kampani ina ku Blantyre ifuna kalaliki. Tsiku lotsekera ndi Lachisanu, pa 28 Novembala. Iye wadinda zala ku Polisi pa 10 Novembala nalipira ndalama zake, koma pofika pa 20 kalata ija sinabwere. Setifiketi nayonso sinafike ku sukulu yake.

Poyamba adziwe chimene chichedwetsa. Setifiketi ya MSCE imachokera ku bungwe la MANEB ku Zomba, ndipo siituluka tsiku limene zotsatira zalengezedwa ai. Imabwera pambuyo, kudzera ku sukulu kumene munthu analembera mayeso. Chimene chimayamba kufika ndicho chikalata chodziwitsa zotsatira, chokhala ndi dzina, nambala ya mayeso ndi mmene munthu wakhozera phunziro lililonse. Kalata ya ku Polisi nayo ili ndi ulendo wake. Zidindo za zala ziyenera kuyerekezedwa ndi kaundula amene asungidwa ku likulu la Polisi ku Lilongwe, ndipo zala zikadindidwa mofufutika, ntchito ija ibwerezedwa. Chinanso chochedwetsa ndicho kusiyana kwa maina. Ngati pa chiphaso cha unzika pali dzina la bambo, pamene ku sukulu munalembetsa dzina la amalume amene anakulerani, konzekani kufotokoza. Yang'anani zimenezi lero, musanakwere minibasi.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amasunga kalata yawo yonse yofunsira ntchito m'nyumba, nati, "Ndidzapereka zonse pamodzi zikakwanira." Tsiku lipita, ndipo akafika mochedwa kalaliki wa pakhomo awabweza. Musamuipire mtima kalalikiyo, pakuti iye alibe mphamvu yosuntha tsiku limene linalengezedwa kwa anthu onse. Nchifukwa chake mnyamata wathu asapemphe kuti tsiku lotsekera lisinthe. Apereke zonse zimene ali nazo nthawi isanathe, napemphe kanthu kakang'ono kokha: kuti amulole kubweretsa mapepala awiri otsalawo pambuyo. Pempho lotere nlosavuta kuvomera chifukwa silipondereza anzake ena ofunsira ntchito yomweyo.

Pempholo likhale lolembedwa. Mawu a pakamwa kapena a pa lamya amaiwalika, ndipo amene munalankhula naye akhoza kupita ku tchuthi. Lembani kwa munthu amene watchulidwa m'chilengezo cha ntchito. Nayi kalata imene mnyamata wa ku Njuli angalembe pa 20 Novembala:

"Bwana, ndapereka kalata yanga yofunsira ntchito ya ukalaliki imene munalengeza, imene tsiku lake lotsekera ndi 28 Novembala. Mapepala awiri sanandifike. Loyamba ndi kalata ya ku Polisi. Ndinadinda zala pa 10 Novembala, ndipo ndaphatika kope la lisiti lake. Lachiwiri ndi setifiketi ya MSCE, imene sinafike ku sukulu. M'malo mwake ndaphatika kope la chikalata chodziwitsa zotsatira, ndi kalata ya Mphunzitsi Wamkulu yochitira umboni. Ndipempha kuti mundilole kubweretsa kalata ya ku Polisi pofika Lachisanu, pa 12 Disembala, ndi setifiketi ikangofika ku sukulu. Ngati nkosatheka, chonde mundiuze chimene mungalandire m'malo mwake. Ine wanu wodzichepetsa."

Maofesi ambiri amafuna kalata ya m'Chingerezi, choncho aphunzitsi athandize kumasulira, koma mfundo zikhale zomwezi. Taonani kuti m'kalatamo mulibe madandaulo. Sanalembe za umphawi wa kwawo, kapena za mtengo wa ulendo, kapena kuti a Polisi ndi aulesi. Ine ndaonapo makalata a masamba atatu odzaza ndi zodandaula, koma osatchula ngakhale tsiku limene mwini wake anadinda zala. Bwana wotanganidwa afuna kudziwa zitatu: chasowa nchiyani, munachitapo chiyani, ndipo chidzafika liti.

Za tsikuli tikambepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Musalembe kuti "posachedwa" kapena "zikatheka." Mawu amenewo sauza Bwana kanthu. Funsani ku Polisi kuti kalata iyembekezeka liti, ndipo pa tsiku limene akuuzani onjezanipo mlungu umodzi. Mnyamata wathu anauzidwa kuti abwerenso kumayambiriro kwa Disembala, ndiye wapempha pa 12. Akadapempha pa 2 Disembala, nalephera, akadayenera kupemphanso kachiwiri, ndipo pempho lachiwiri limalandiridwa ndi nkhope yamakwinya. Koma pa setifiketi sanatchule tsiku, pakuti salidziwa, ndipo si bwino kulonjeza chimene chili m'manja mwa ena.

Umboni ndiwo upatsa kalata yanu mphamvu. Lisiti la ku Polisi lisungeni ngati ndalama. Musapereke lenileni ai, perekani kope. Makope a mapepala ofunika atsimikizidwe ndi chidindo cha munthu wololedwa kulumbiritsa, monga Majisitireti kapena loya, ndipo popita kumeneko mutenge pepala lenileni kuti ayerekeze. Kalata ya Mphunzitsi Wamkulu ikhale ndi chidindo cha sukulu, chaka cha mayeso ndi nambala yanu ya mayeso. Popereka kalata ku ofesi tengani makope awiri, ndipo pemphani kalaliki adinde limodzi ndi kulembapo tsiku, kuti mubwerere nalo ku Njuli. Ngati mutumiza pa positi, lembetsani kalatayo ndi kusunga kapepala kake.

Yankho likhoza kubwera m'njira zitatu. Akavomera, pemphani kuti akulembereni, ngakhale mzere umodzi wokha pa kope lanu lija. Akakana, musakangane nawo. Kalata yanu yalowa kale m'nthawi yake, ndipo nthawi zina mapepala enieni amafunika pa tsiku la mafunso basi. Akakhala chete, musayese kuti avomera. Pitani kapena imbani lamya kusanafike pa 28, mutchule tsiku limene munapereka kalata.

Pali anthu ena amene amazungulira pafupi ndi maofesi, namanena kuti angathe kukupezerani kalata ya ku Polisi kapena setifiketi tsiku lomwelo mukawapatsa kangachepe. Olemba ntchito amatha kufunsa ku MANEB kuti atsimikize zotsatira zanu, ndipo pepala lachinyengo likapezeka ndi mlandu wa ku khoti, umene udzalembedwa m'kaundula yemwe uja wa ku Lilongwe. Ndalama iliyonse imene mulipira ku ofesi ya Boma itulukire lisiti.

Kalata ya ku Polisi ikafika pa 5 Disembala, mnyamata wathu asadikire pa 12. Aipereke m'mawa mwake, pamodzi ndi kope la kalata yake ya pa 20 Novembala, kuti kalaliki apeze msanga failo yake.