Phunziro: Kudziwa Tsinde la Babu Musanagule

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli tidzatha kusiyanitsa babu la mapini ndi babu la mazinga, kuwerenga zolembedwa pa babu, ndi kuika babu latsopano popanda ngozi.

Mawu oti tiwadziwe: babu, tsinde, holuda, mapini, mazinga, mavoti, mawati.

Tiwerenge

Ku Magaleta, m'boma la Neno, babu likapsa munthu angaligule pa golosale ya pafupi, kapena angatume amene akupita ku Neno Boma kapena ku Mwanza. Wotumidwayo akabwera ndi babu losalowa, ndalama yapita ndipo nyumba igona mumdima, chifukwa kukabweza n'kutali. Vutoli limayamba munthu akangonena kuti, “Mukandigulire babu,” osatchula mtundu wake.

Babu lili ndi mbali ziwiri. Mbali yowala ndi mutu. Mbali yachitsulo imene imalowa mu holuda ndiyo tsinde. Holuda ndi kachipangizo kamene kali kumapeto kwa waya kapena kudenga, komwe kamagwira babu ndi kulipatsa magetsi. Mitu ya mababu ingafanane, koma tsinde ndi holuda zikasiyana, babu silingalowe. N'chifukwa chake pogula timayamba tayang'ana tsinde.

Babu la mapini

Tsinde la babu ili ndi losalala. M'mbali mwake muli timapini tiwiri, kamodzi uku kena uko. Pansi pake pali timadontho tiwiri tachitsulo, ndipo magetsi amalowera pamenepo. Holuda yake ili ndi timipata tiwiri tokhota m'mphepete, ndipo mkati muli tizitsulo tiwiri tokhala pa masipuling'i.

Poika babuli, lunjikitsani timapini pa timipata tija, kankhirani babu mkati, kenaka potolozani pang'ono kumanja. Mukasiya, masipuling'i amakankha babu, timapini n'kukola pokhota paja. Masipuling'iwo amagwira ntchito ziwiri: amaletsa babu kugwa, komanso amakanikiza tizitsulo pa timadontho kuti magetsi adutse. Pochotsa, kankhirani mkati kaye, potolozani kumanzere, kenaka kokani. Mukapotoloza musanakankhe mudzathyola holuda.

Pa bokosi la babu la mapini pamalembedwa `B22`, pena `BC`. Nambala 22 ikunena kukula kwa tsinde: mamilimita 22 kuchoka mbali ina kufika mbali inzake. Mtunduwu unabwera ndi Angerezi, amene analamulira dziko lino mpaka 1964, ndipo nyumba zambiri za magetsi a ESCOM zili ndi maholuda otere.

Babu la mazinga

Tsinde la babu ili lili ndi mazinga, ndipo limalowa mozungulira ngati chitsekerero cha botolo la mafuta ophikira. Pansi pake pali kadontho kamodzi kokha, pakati penipeni. Magetsi amalowera pa kadonthoko n'kubwerera kudzera m'mazingawo. Mu holuda yake mulinso mazinga, ndipo pansi pali kachitsulo kopyapyala kamene kamakhudza kadontho kaja.

Poika, zungulizani kumanja mpaka babu litagwira, ndipo lekerani pomwepo. Kumanga mwamphamvu kumaphwatalalitsa kachitsulo ka pansi kaja, ndipo babu lotsatira limavuta kuyaka.

Pa bokosi pamalembedwa `E27`, pena `ES`. Chilembo E chikuimira Edison, dzina la Thomas Edison wa ku Amerika, amene anayambitsa tsinde lotere m'zaka za m'ma 1880. Nambala 27 ndi mamilimita a tsinde. Pali lina laling'ono, `E14`, la mamilimita 14, limene limapezeka m'mafiriji ena ndi m'nyale zina za patebulo. Onse awiri ndi a mazinga, koma `E14` imangolendewera mu holuda ya `E27`, pamene `E27` siyilowa n'komwe mu holuda ya `E14`.

Kulowa kokha sikokwanira

Babu likhoza kulowa bwinobwino mu holuda koma lisali loyenera. Tsinde limangotiuza za kalowedwe, silitiuza mphamvu ya magetsi imene babulo limafuna. Mphamvuyo imayezedwa m'mavoti, ndipo pa babu imalembedwa ndi chilembo `V`.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ali mavoti 230. Babu lake limalembedwa `220-240V` kapena manambala oyandikira pamenepo. Batire ya sola imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, yofanana ndi ya galimoto, imapereka mavoti 12, ndipo babu lake limalembedwa `12V DC`. Mababu a mavoti 12 amapangidwanso ndi matsinde omwewo a mapini ndi a mazinga, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka.

Mukaika babu la mavoti 230 pa batire ya mavoti 12, siliyaka, ngakhale lili latsopano. Mukaika babu la mavoti 12 pa magetsi a ESCOM, limapsa nthawi yomweyo, mwina mophulika. Ngati nyumba ya sola ili ndi inveta, makina osandutsa mavoti 12 kukhala 230, ndipo nyale zalumikizidwa ku invetayo, ndiye kuti ikufuna mababu a mavoti 230.

Palinso chilembo `W`, choimira mawati. Mawati amatiuza kuchuluka kwa magetsi amene babu limadya. Babu lakale lagalasi, lokhala ndi kawaya mkati, la mawati 60, limawala mofanana ndi babu la `LED` la mawati pafupifupi 9. Pa batire, babu la mawati ambiri limamaliza moto msanga.

Chitsanzo

Tiyerekeze mayi wina wa ku Magaleta amene ali ndi sola ndi batire, wopanda inveta. Babu la pabalaza lazima. Mayiwo akuzimitsa swichi, akudikira kuti babu lizizire, kenaka akulichotsa. Latuluka mozungulira, choncho ndi la mazinga. Kuti atsimikize kuti vuto ndi babu, akutenga babu la kuchipinda n'kuliika mu holuda ya pabalaza. Layaka. Apa adziwa kuti batire, waya ndi holuda zili bwino.

Pa khosi la babu lakufalo pali malemba awa: `12V DC 5W`. Mayiwo akulikulunga m'kansalu n'kupereka kwa alamu awo amene akupita ku Mwanza.

“Alamu, mukandigulireko babu ngati ili. Mukalionetse kwa ogulitsa, musakaliiwale m'thumba.”

“Musadandaule alamu, ndikafananiza ndekha.”

Ku sitolo, wogulitsa akutulutsa mababu atatu. Loyamba lalembedwa `B22 220-240V 9W`. Alamu aja akuona timapini m'mbali n'kulibweza, chifukwa holuda ya kunyumba ndi ya mazinga.

“Tengani ili, bambo, ndi la mazinga ndipo limawala kwambiri,” akutero wogulitsa.

Lachiwirilo lalembedwa `E27 220-240V 9W`. Poligundanitsa ndi lakale, matsinde akufanana ndendende. Koma alamuwo akuwerenga mavoti.

“Pepani achimwene, ili ndi la ESCOM. Kwathu tili pa batire. Mulibe la mavoti 12?”

Lachitatu lalembedwa `E27 12V DC 5W`. Tsinde lagwirizana, mavoti agwirizana, mawati ndi omwe aja. Ili ndilo loyenera. Likanakhala la mawati 7 likanayakabe, n'kuwala koposa, koma batire ikanatha msangako usiku.

Babu labwino likakana kuyaka

Nthawi zina vuto limakhala mu holuda. Mu holuda ya mapini, masipuling'i amafooka kapena kuchita dzimbiri. Mudzazindikira poona kuti babu likugwedera, kapena likuphethira mphepo ikagwedeza waya. Pulasitiki ya pa timipata ikathyoka, babu limapendekeka kapena kugwa. Mu holuda ya mazinga, kachitsulo ka pansi kakaphwatalala sikafikanso pa kadontho ka babu.

Pamene zitsulo sizikugwirana bwino pamatentha. Mukaona holuda yadetsedwa ngati yawauka, yang'aluka, kapena ikununkha pulasitiki yopserera, musaikemonso babu. Holuda yotere ikhoza kuyambitsa moto, makamaka m'nyumba yofolera udzu. Isinthidwe ndi munthu wodziwa zamagetsi. Musamange babu ndi mphira kapena kupanikiza ndi pepala kuti ligwire.

Ngati babu lili la mazinga koma holuda ndi ya mapini, m'masitolo a zamagetsi mumapezeka adaputala, yokhala ndi mapini mbali ina ndi mazinga mbali inayo. Adaputala imasintha kalowedwe kokha, mavoti siyisintha.

Kudziteteza

Pa magetsi a ESCOM, zimitsani swichi musanagwire babu. Babu likapsa n'kovuta kudziwa ngati swichi ili yoyatsa kapena yozimitsa, choncho mukakayika zimitsani swichi yaikulu ya nyumba yonse. Manja akhale ouma, ndipo pondani pa chinthu cholimba, chosagwedera.

Musapise chala mu holuda. Tizitsulo tiwiri ta mu holuda ya mapini timakhala poyera babu likachoka, ndipo mavoti 230 amapha. Pa babu la mazinga, gwirani mutu wokha, osati tsinde. Wolumikiza waya amayenera kuika waya wamoto ku kachitsulo ka pansi, koma akasemphanitsa, mazingawo ndiwo amakhala ndi moto pamene mukuzunguliza. Babu likasweka tsinde n'kutsalira mkati, zimitsani swichi yaikulu musanayese kulichotsa, kapena itanani wodziwa.

Mafunso

1. Kodi tsinde la babu ndi mbali iti?
2. Fotokozani kusiyana kwa kaikidwe ka babu la mapini ndi la mazinga.
3. Kodi nambala 27 pa `E27` ikutiuza chiyani?
4. N'chifukwa chiyani alamu aja anakana babu lachiwiri, ngakhale tsinde lake linali lofanana ndi lakale?
5. Tchulani zizindikiro ziwiri za holuda yowonongeka.

Tiwerengere

Babu la mawati 5 likayaka maola 4 limadya 5 × 4 = 20. Nanga babu la mawati 7 likayaka maola omwewo lidya zingati? Kusiyana kwake ndi kotani?

Ntchito ya kunyumba

Masana, swichi ili yozimitsa, chotsani babu limodzi kunyumba kwanu kapena kwa mnansi amene wakulolani. Lembani m'kope zinthu zitatu: mtundu wa tsinde, mavoti ndi mawati. Mubwere nalo kopelo ku kalasi kuti tidzawerengere limodzi, ndipo tsamba lomwelo muzilitenga kapena kupatsira amene mwamutuma tsiku logula babu.