Chisamaliro cha Mwana Wakhanda: Mchombo Usapakidwe Kanthu

Vuto limene alangizi a zaumoyo amalipeza mobwerezabwereza m'makomo momwe muli mwana wakhanda ndi kupaka zinthu pamchombo n'cholinga choti uume ndi kugwa msanga, mayi atuluke m'chikuta. Ena amapaka phulusa kapena mwaye, ena mafuta ophikira, ena madzi ofinya ku zitsamba, ndipo kawirikawiri wopakayo ndi agogo, amene mayi wachisamba sangawatsutse. Mchombo wongodulidwa kumene ndi bala, ndipo mitsempha imene inkadyetsa mwana ali m'mimba imathera pomwepo, choncho tizilombo tikalowa timafika m'magazi mosavuta. Tizilombo ta kafumbata, matenda oumitsa thupi, timakhala m'dothi ndi m'ndowe. Akatenga matendawa, mwana amene ankayamwa bwino masiku awiri oyamba amalephera kutsekula kukamwa pakati pa tsiku la 3 ndi la 14, nsagwada zauma, ndipo apabanja amathamangira kunena kuti wina walakwira mwambo, kuiwala phulusa lija.

Mchombo suchita kufuna thandizo kuti ugwe. Umafota, kuda ndi kugwa wokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo kudako si kuwola ayi. Chofunika n'kusamba m'manja ndi sopo asanaugwire, kupinda thewera kuti likhale m'munsi mwake, ndi kuusiya osaumanga. Ukadetsedwa ndi mkodzo kapena chimbudzi utsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo n'kuumitsa ndi nsalu yoyera. Mankhwala ololedwa ndi klohekisidini yekha, opha tizilombo, amene achipatala amapaka kapena kupereka ndi malangizo ake. Mantha akuti mchombo ukagwera kumaliseche mwana adzakhala wosabereka alibe maziko, ndipo si chifukwa chousokonezera. Khungu lozungulira likafiira n'kutupa, kapena pakatuluka mafinya onunkha, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mwana asasambitsidwe mpaka patatha maola 24, pakuti amataya kutentha msanga. Apukutidwe, avale chipewa, agone pachifuwa cha mayi khungu kukhungu, makamaka wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5. Ayambe kuyamwa lisanathe ola loyamba, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwire pansi chifukwa ndiwo uli ndi chitetezo chochuluka. Kuyamwitsa mwakathithi, kutanthauza bere lokha popanda ngakhale madzi, kupitirire miyezi 6, kosachepera kasanu ndi katatu usana ndi usiku.

Zizindikiro zoopsa sizidikira kuti kuche kapena kuti bambo abwere: kukana bere, kukomoka, kufooka kwakuti mwana sagwedezeka pokhapokha atamugwira, kupuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, chifuwa kulowa m'kati kwambiri popuma, thupi kutentha kapena kuzizira, ndi chikasu chooneka tsiku loyamba kapena chofika m'zikhatho ndi kumapazi. Popita kuchipatalako mwana akhale pachifuwa cha mayi atafundidwa bwino, ndipo ngati akutha kuyamwa aziyamwitsidwa m'njira monse.