N'chifukwa chiyani madzi amachedwa kutentha kuposa mafuta ophikira?

Kuno ku Dowa, m'mamawa wa mwezi wa Juni, tikateleka madzi pamoto timadikira mpaka kutopa. Koma amayi okazinga mandasi pamsika wa Mponela amadziwa kuti mafuta sachedwa. Ukangocheuka pang'ono, ayamba kufuka utsi. Nkhuni ndi zomwezo, nanga kusiyanaku kukuchokera pati?

Moto umapereka mphamvu, ndipo mphamvuyo timaiyeza m'majulu. Zinthu sizifuna mphamvu yofanana kuti zitenthe. Kuchuluka kwa mphamvu imene imafunika kuti kilogalamu imodzi ya chinthu ikwere kutentha ndi digiri imodzi, pa fizikisi timakutcha sipesifiki hiti. Madzi amafuna majulu pafupifupi 4,200, pamene mafuta ophikira amafuna pafupifupi 2,000 okha, osafika ndi theka lomwe.

Chifukwa chake chili m'kati mwa madziwo. Tizigawo ting'onoting'ono ta madzi, totchedwa mamolekyu, timakokana mwamphamvu. Kuti chinthu chitenthe, tizigawo take tiyenera kuyenda mofulumira. Tsono m'madzi, mphamvu ina ya moto imathera pomasula kukokanako, ndipo yotsalayo ndi imene imakweza kutentha.

Tiyeni tiwerengere. Lamulo lake ndi Q = m × c × ΔT, kutanthauza kuti mphamvu timaipeza pochulukitsa kulemera kwa chinthu ndi sipesifiki hiti yake, kenako ndi madigiri amene chakwera.

Tateleka kilogalamu imodzi ya madzi ali pa madigiri 20. Popeza Dowa ndi dera lokwera, madzi kuno amawira pafupifupi pa madigiri 95, osati 100. Ndiye kuti akwera madigiri 75, ndipo 1 × 4,200 × 75 ikutipatsa majulu 315,000. Mphamvu yomweyo tikaipereka ku kilogalamu imodzi ya mafuta, tigawa 315,000 ndi 2,000, tipeza madigiri oposa 157. Tikaonjezera pa 20 aja, mafuta afika cha pa 177, pamene mandasi amapsa bwino. Moto umene wangowiritsa madzi, mafuta wawafikitsa kale pokazingira.

Apa mpofunika kusamala. Madzi akafika powira sakweranso, ngakhale tisonkhezere bwanji. Mphamvu yonse imangopita ku nthunzi, nkhuni n'kumatha pachabe. Mafuta ndiye amapitirirabe kukwera mwakachetechete, mpaka kufuka utsi, mwinanso kuyaka. Akayaka tisathirepo madzi, chifukwa madziwo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza mafuta amoto. Tivundikire poto, moto uzime.

Tikafuna kuyesa tokha, tigwiritse ntchito mapoto ofanana, moto umodzi, ndipo tiyeze pasikelo osati pakapu, pakuti lita ya mafuta imapepuka kuposa lita ya madzi. Nthawi idzatalikirapo kuposa ya papepala, chifukwa mphamvu ina imatenthetsa poto ndi mphepo.

Kuchedwa kwa madziku kuli ndi ubwino wake: chimene chalandira mphamvu yambiri chimachedwanso kuitaya. N'chifukwa chake botolo la madzi ofunda timagona nalo m'bulangete usiku wozizira.